Loko wolowa m'kati mwa chitseko

"Abale, ndagula loko wolowa m'kati mwa thabwa, chitseko n'cha mlombwa chokhuthala mamilimita 40. Ndiyambire pati kuti ndisachiwononge?"

Achimwene, musakhudze kaye tchizulo! Ine changa chinang'ambika ndikuona ndi maso angawa, ku Ulongwe kuno, ndipo mpaka lero ndikamatsegula mtima umandiwawa. Ndinaitana mesitiri wina wodzitama kuti wagwirako ntchito ku Moatize. Anabwera opanda dirilo, opanda geji yolembera mzere pa thabwa, nyundo ndi tchizulo basi. Pakati pa thabwa anangoyeza ndi diso. Ndiye taganizani, bokosi la loko limafuna dzenje la mamilimita ngati 16, kutanthauza kuti pa 40 wanuyo mbali iliyonse patsala 12 okha. Iye anakhotera kunja, kukatsala mwina 6. Kenako anaimika tchizulo motsata mitsempha ya thabwa n'kumenya ngati akuwaza nkhuni. Ndinangomva "thee!" Mng'alu unatsika pafupifupi chikhatho chathunthu. Mukudziwa chimene ananena? Akuti mlombwa wanga ngosauma. Thabwa loti lakhala pa mthunzi chaka chonse! Anapaka guluu wosakaniza ndi utuchi, loko n'kumukhomera ndi nyundo poti dzenje linali lothina, bokosi linafinyika, kalilime kamalowa osabwerera. Ndalama anafunabe zonse, opanda ndi manyazi omwe.

Loko wachiwiri ndinaika ndekha pa chitseko cha kuchipinda, ndiye inunso mukafuna kuika nokha chitani motere. Chitseko muchikhome mphero pansi chisamagwedere. Loko akhale ngati mita imodzi kuchokera pansi, koma pewani pamene thabwa lopingasa lalumikizana ndi loimirira, mukakumba pamenepo mwadula cholumikizira. Gunditsani loko m'mphepete, lembani pamwamba ndi pansi pa bokosi, kenako mzere wapakati ndi geji, muyese kuchokera mbali zonse ziwiri mpaka mizere igwirizane. Yezani kutalika kwa bokosi kolowa m'kati mwa thabwa, ambiri ndi mamilimita 64 kapena 76, muwonjezere 3 n'kukulunga tepi pa biti ya dirilo ya 16 kuti musapitirire. Bowolani mabowo ondondozana pa mzerewo, wina aime kumbali azikuuzani mukayamba kukhota. Dirilo ikapendekeka pang'ono, imakatulukira pa nkhope ya chitseko.

Tchizulo ntchito yake n'kusalaza zotsalira pakati pa mabowo. Yambani mwadula mopingasa kumtunda ndi kumunsi, m'mbalimu muzisenda pang'onopang'ono ndi dzanja, mbali yosalala ya tchizulo itayang'ana khoma la dzenje. Osatsamiritsa tchizulo pa milomo ya dzenje potulutsa zinyalala. Loko azilowa ndi kutuluka ndi zala zokha. Akalowa, zungulizani mpeni pa chitsulo cha kutsogolo kwa loko, musendepo pang'ono chabe kuti chifanane ndi thabwa.

Komabe mlombwa wadula masiku ano, ine ndikanakhala inu ndikanangoitana mesitiri. Mumufunse kaye ngati ali ndi geji, ndipo muimirire pomwepo mpaka amalize.