Takhala zaka 9 osamanga banja, amwalira, achibale akuti ndituluke m'nyumba

"Abale ndithandizeni maganizo. Ndakhala ndi bambo a ana anga zaka 9 ku Chirimba, tinangolowana, chinkhoswe sitinapange. Amwalira mwezi watha osasiya wilu. Tili ndi ana awiri, wina wamkulu anaberekera kwina. Nyumba tinamanga limodzi koma puloti ili m'dzina lawo. Alamu anga akuti ine ndinali chibwenzi chabe ndiye ndipakire. Kodi ndilibedi gawo?"

Pepani kwambiri achemwali ndi zovutazi. Choyamba musatuluke m'nyumbamo, ndipo pepala lililonse lomwe angakubweretsereni kuti musayine, kaya akuti ndi mgwirizano wapachibale kaya chani, musayike dzina kapena chala musanaonetse munthu wodziwa malamulo. Mukangotuluka ndi zikwama nkhani imalimba kawiri chifukwa mumayamba kumenyera muli panja, lendi ikukudyani, ana akusowa pogona.

Ndaona ena mu ma komenti akuti "zaka 5 zikangokwana basi ndinu mkazi wake mwalamulo". Ayi, si choncho ndendende, ndipo apa mpomwe anthu ambiri amagwera. Lamulo la maukwati la 2015 limavomerezadi banja la anthu ongolowana omwe akhalitsa ndipo anthu amawadziwa ngati banja, ngakhale malamulo aakulu a dziko lino a 1994 amalitchula banja lotere pa gawo 22. Koma lamulo la 2015 lija pa gawo 13 likunena kuti banja lotereli limazindikirika pokhapokha khoti litaunika n'kugamula kuti inde linali banja. Zaka 5 zija ndi poyambira chabe, kuti nkhani yanu imvedwe. Inu muli ndi 9 ndiye pamenepo mwadutsa, koma pakadali pano m'manja mwanu mulibe chosonyeza kuti ndinu mkazi wa malemu, ndipo ntchito yanu yaikulu ndi kupeza chigamulo chimenecho.

Chifukwa chake n'chakuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 lili ndi mndandanda wake wa anthu olandira munthu akamwalira opanda wilu. Oyamba ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana ake. Kenako pali omwe ankadalira malemu, koma musanamizike ndi mawuwo, sakutanthauza aliyense yemwe ankadya za malemu ayi. Akunena makolo a malemu omwe iye ankawasamala, ndi mwana wamng'ono yemwe ankamulipirira sukulu. Chibwenzi mulibemo. Ndiye khoti likapanda kukuzindikirani ngati mkazi, pa chuma cha malemu simulandira olo supuni, ngakhale munawachapira ndi kuwaphikira zaka zonsezi. N'zowawa koma ndi momwe zilili, n'chifukwa chake alamu anuwo akulimbikira mawu akuti chibwenzi, wina anawauza kale.

Koma nawonso asadzinamize. Achimwene ndi achemwali a malemu salandira kanthu ngati malemu asiya ana. Olo khoti litakana zoti inu munali mkazi, chumacho chikupita kwa ana atatu aja, awiri anuwo ndi wakunja uja, chifukwa lamulo silisankha kuti uyu anabadwira m'banja uyu ayi. Ndiye mlamu yemwe akuti mupakire alibe gawo kuposa inuyo, ndipo nyumba yomwe akufuna kutsekayo ndi ya ana omwe mukuwalera. Kutenga chuma cha masiye usali woyenera ndi mlandu wa polisi pansi pa lamulo lomweli, munthu atha kukaseweza mpaka zaka 10. Akabwera ndi lole kudzanyamula katundu kapena kusintha maloko, thamangirani ku polisi, ku ofesi ija yothandiza ochitiridwa nkhanza, osadikira kuti mukambirane kaye.

Tsopano za umboni, apa ndikhalitsapo chifukwa mlandu wanu wagona pamenepa. Khoti limayang'ana ngati munkakhaladi nyumba imodzi, osati zoti bambowo amabwera Lachisanu n'kubwerera Lolemba. Limayang'ana ngati munkakhala ngati mwamuna ndi mkazi, momwe ndalama zimayendera pakati panu, katundu yemwe munapeza limodzi, ana omwe munabereka ndi kulera limodzi, komanso momwe anthu a m'dera ankakuonerani. Chomaliza ichi anthu amachipeputsa koma n'champhamvu zedi.

Taganizani za maliro omwewa. Ndani anakhala m'nyumba pafupi ndi bokosi ngati namfedwa? Powerenga mbiri ya malemu ananena kuti chani? Nthawi zambiri achibale omwewa ndi amene amayimirira n'kunena kuti "malemu asiya mkazi ndi ana atatu", pamaso pa amfumu, abusa ndi khamu lonse, kenako pakatha masabata awiri mkazi uja wasanduka chibwenzi. Ngati pali yemwe anajambula pa foni nthawi imeneyo, mupempheni akutumizireni lero lomwe ndipo musunge malo awiri. Ngati panali pulogalamu yosindikiza, sungani. Kope lolemba zipepeso, uthenga wa maliro womwe unazungulira pa WhatsApp wonena kuti "amuna awo a mayi uje atisiya", zonsezo ndi umboni wochokera pakamwa pawo pomwe.

Kenako fufuzani mapepala a moyo wa tsiku ndi tsiku. Ku ntchito kwa malemu ngati ankagwira yolembedwa, pa fomu analemba ndani ngati mkazi wake? Ziphaso zobadwira za ana, mabuku a kusikelo, mafomu a kusukulu kwa ana, kaundula wa kumpingo kapena kumzikiti, makadi a ukwati wa anthu ena olembedwa "Bambo ndi Mayi uje", zithunzi muli kumudzi kwa apongozi. Mboni zamoyo nazo, amfumu a m'dera lanu, aneba omwe akhala nanu nthawi yaitali, landilodi wakale musanamange, ndipo mukapeza wachibale mmodzi wa malemu wolankhula chilungamo, kaya ndi azakhali kaya msuweni, ameneyo mawu ake amalemera kuposa aneba asanu. Chomwe chingakugwetseni ndi ngati bambowa anali ndi ukwati wina wa kwa DC womwe sunathe ku khoti, chifukwa ukwati umenewo sulola mitala. Ndiye fufuzani bwino za mayi a mwana wamkulu uja, anangobereka naye kapena anamangitsa, ndipo ngati anamangitsa zinatha bwanji. Loya mumuuze zoona pa tsiku loyamba, asakadzidzimukire m'khoti.

Pali chinthu china chosiyana ndi zonsezi chomwe sindinaone wina atachitchula. Chomwe ndi chanu sichilowa mu chuma cha masiye. Amagawa za malemu zokha. Mwati nyumba munamanga limodzi, ndiye ngati mutha kusonyeza kuti ndalama zanu zinalowa m'nyumbamo, gawo limenelo mukhoza kulimenyera ngati mwini wake ngakhale puloti ili m'dzina lawo, ndipo izi sizidalira zoti munali mkazi kapena ayi. Koma pakamwa pokha sipakwanira. Malisiti a simenti ndi malata, kope la banki m'khonde losonyeza ngongole yomwe munatenga mwezi womwe munkafolera, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba omwe munatumizira mmisiri, mmisiri yemweyo kubwera kudzanena kuti "matumba 40 aja anandipatsa ndalama ndi mayiwa". Zimenezo.

Ndipereke chitsanzo ndi manambala ongoyerekeza kuti muone kusiyana kwake. Tinene nyumba ndi puloti ndi za K18 miliyoni, ndipo njinga yamoto ndi ndalama za ku banki zikukwana K4 miliyoni. Mwasonyeza kuti pa nyumbayo gawo limodzi mwa magawo atatu ndi thukuta lanu, khoti lavomera, K6 miliyoni yachoka kaye ngati yanu. Za malemu zatsala K12 miliyoni kuphatikiza K4 miliyoni ija, K16 miliyoni. Ngongole za malemu ngati zilipo zimayamba zabwezedwa, komanso ngati amayi awo ali moyo ndipo ankawadalira, khoti limawaganizira kuti asavutike, koma tiyerekeze kuti zimenezo palibe. Khoti likakuzindikirani ngati mkazi, katundu wa m'nyumba monga mipando, bedi, ziwiya ndi mbaula ndi wanu osagawana ndi wina, ndiye K16 miliyoni ija mugawana anthu anayi, poyambira ndi K4 miliyoni aliyense, kungoti mwana wamng'ono amatha kupatsidwa yochulukirapo poti ulendo wake wa sukulu ukadali wautali. Likakana, K16 miliyoni yonse ndi ya ana atatu, pafupifupi K5.3 miliyoni aliyense, inu mutsala ndi K6 miliyoni yanu ija basi, ndipo ngati munalibe malisiti ngakhale imeneyo ivuta. Onani kuti njira zonse ziwiri mlamu sakuonekamo. Onaninso kuti mwana wakunja uja gawo lake lilipo ndithu, musayese kumubisa, zimenezo zimaipitsa mlandu wabwinobwino. Sikuti nyumba iyenera kugulitsidwa mawa ayi, khoti limayang'ana kuti ana asasowe pokhala.

Zoti muchite sabata ino. Yambani ndi chiphaso cha imfa, chimachokera ku NRB kudzera ku ofesi ya DC, mutenge pepala lomwe achipatala anapereka. Mapepala a puloti, makadi a ku banki, chiphaso cha malemu ndi buku la njinga yamoto ngati ilipo musazisiye mu kabati ya pabalaza, pangani fotokope musungitse kwa munthu wodalirika. Lembani katundu yense ndipo mumujambule momwe alili. Mukatero pitani ku Legal Aid Bureau konkuno ku Blantyre ngati ndalama ya loya palibe, mukawauze zinthu zitatu: mukufuna khoti ligamule kuti munali banja, mukufuna chiletso choti wina asagulitse kapena kukutulutsani nkhani ili mkati, komanso mukufuna kukhala nawo pa makalata oyendetsera chuma cha masiye. Makalata amenewa ndi omwe banki imafuna isanatulutse ndalama, ndipo kawirikawiri nkhani za nyumba ngati iyi zimathera ku khoti lalikulu ku Chichiri. Fulumirani, chifukwa mlamu akakafika yekha ku khoti kapena kwa Administrator General, ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha masiye, n'kulemba kuti malemu sanakwatire, mudzakhala ndi ntchito yogwetsa zomwe zalembedwa kale, ndipo zimatenga nthawi.

Za penshoni ngati inalipo, imayenda njira yakeyake, amayang'ana kaye fomu yomwe malemu analembapo anthu oti adzalandire, ndiye kafunseni ku ntchito kwawo msanga ndipo mukalembetse kuti pali ana atatu.

Amfumu ndi akumpingo akakuitanani kuti mukambirane pitani, osakana, koma mupite ndi wachibale wanu wamkulu, mulembe zomwe zanenedwa ndi omwe analipo, ndipo akayamba zogawa katundu pompo muwauze mwaulemu kuti nkhaniyi mwaitengera kale ku Legal Aid ndiye mudikira khoti.