Sapulaya akamangochedwetsa katundu

"Azakhali, kukoleji tili ndi mayeso ochita ngati sewero. Ine ndikhala wooda katundu, mnzanga akhala sapulaya amene amangochedwetsa. Inu mumathana nawo bwanji anthu oterewa?"

Mwanawe, choyamba udziwe pamene katunduyo akuchedwera. Lole yochokera ku Dar es Salaam itha kugona pa boda ya Songwe kudikira mapepala, kapena kufera pa chikweza cha Chiweta, ndipo pamenepo sapulaya alibe mlandu. Ukamukalipira pa zimenezo wadzichotsa ulemu wekha.

Ine ndinali ndi bambo wina ku msika wa Kariakoo, ku Dar es Salaam, amene ankanditumizira mabelo a zitenje. Tinapangana masiku 10 kuti afike ku Lilongwe. Ulendo woyamba anatha masiku 17, wachiwiri 19, wachitatu 24, nthawi zonse akuti "ndi boda, mama". Ndinangomupempha chithunzi cha lisiti la wa lole. Deti lake linaonetsa kuti mabelo anakwezedwa patatha masiku 9 ndalama yanga atailandira kale. Boda ankangoinamizira.

Poimba foni ndinayamba ndi moni ndi za kunyumba, poti kumeneko sufikira pa ndalama. Kenako ndinamuwerengera madeti atatu aja, n'kufunsa kuti, "Bambo, chikukuvutani n'chiyani?" Ndinakhala chete. Iwenso pamayesopo ukafunsa zimenezi utseke pakamwa, ngakhale pakuyabwe. Anaulula yekha kuti maluwa amene ndimafunawo sasunga m'sitolo, amakawasaka ndikalipira.

Apa m'pamene panayambira kunenerera. Ndinasiya kulipiriratu zonse: dipoziti 40 pa 100 alionse, yotsalayo ndikaona lisiti la lole. Anadandaula kuti mpamba umuchepera, ndiye inenso ndinagonjako, ndinavomera kumamuuza oda yanga kudakali milungu iwiri. Mnzakoyo umusiyireko chake chonyamula, apo ayi avomera ndi pakamwa pokha.

Za chindapusa, usapemphe kuti akubwezere ndalama. Wa geni ndalama ikalowa m'thumba situluka, koma katundu amapereka mosavuta chifukwa iye anamugula motchipa. Tinagwirizana kuti akachedwa kukweza ndi mlungu umodzi, aziika basela ya zitenje 5 pa belo. Zonsezi ndinazilemba pa WhatsApp tisanagone, iye n'kuyankha kuti wavomera.

Mnzako uja mwina akakuuza kuti, "Ngati simukufuna, pitani kwina." Usakaopseze ndi sapulaya wina ngati ulibe mtengo wake m'manja. Ine ndinali nditafunsa kale ku Kamwala, ku Lusaka, ndipo kumeneko zinkakwererapo pang'ono, choncho ndinangoti theka la oda ya Disembala ndikatenga uko, theka kwa bambo wa ku Kariakoo uja. Mabelo ake anakwera lole tsiku lachitatu. Usakadzuke pampando musanatchule deti lokwezera katundu ndi chimene chichitike likadutsa, ndipo ukamuuze abwereze ndi pakamwa pake aphunzitsi akumva.