Phindu lakwera, koma ndalama zili kuti?

"Mphwanga, taona mapepala awa a kampani yathu ija yogulitsa feteleza ndi mbewu pa Dedza boma ndi pa Lizulu. Akuti phindu lakwera, ndiye tiwonjezere masheya. Ndiikemo zapenshoni zija?"

Malume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaona zithunzi zonse, ngakhale tsamba lachitatu munalijambula mopendekeka, komabe manambala akuwerengeka. Ndilankhula motalikirapo, ndiye khalani pansi, mutenge mapepalawo ndi cholembera, muziona pamene ndikunenapo.

Sakunama ayi, phindu lakweradi. Chaka chatha linali K16 miliyoni, chaka chino chimene atseka pa 31 Malichi 2025 ndi K18 miliyoni. Koma nambala imeneyi payokha siinena kanthu, imafuna kuigawa ndi inzake. Onani pamwamba penipeni pa tsamba loyamba, pa malonda onse a chaka. Chaka chatha anagulitsa katundu wa K400 miliyoni, chaka chino wa K600 miliyoni. Gawani 16 ndi 400, mupeza kuti pa K100 iliyonse yolowa pa kauntala, K4 inkatsala ngati phindu. Tsopano gawani 18 ndi 600. Yatsala K3 basi. Ndiye kuti ntchito yachuluka, ndalama zodutsa m'manja zachuluka, koma chotsalira pa kwacha iliyonse chachepa. Komanso kukwera kwa malondako musakusangalalire msanga. Mukukumbukira kuti kwacha inagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo feteleza amachokera kunja. Mwina matumba ndi omwewo, wakwera ndi mtengo chabe. Akuuzeni matumba amene anatuluka chaka chatha ndi chaka chino, osati makwacha.

Pa phindu pomwepo pali china chimene chikukukhudzani inuyo mwini ndalama. Mpamba wa eni ake nonse, pansi pa tsamba lachiwiri, ndi K90 miliyoni. Gawani 18 ndi 90, ndiye kuti K100 yanu yabala K20 pa chaka. Zikumveka bwino, eti? Koma chaka chomwecho mitengo ya zinthu m'dziko muno imakwera ndi pafupifupi 30 pa 100. Ndalama yanu yabala 20 pamene sopo ndi shuga zakwera ndi 30. Pa pepala mwapindula, koma ku golosale mugula zochepa kuposa kale.

Tsopano pamene pandidetsa nkhawa kwenikweni ndi pa tsamba lachiwiri lomwelo, pakati. Pali gulu la zinthu zimene zingasanduke ndalama chaka chisanathe, zonse pamodzi K120 miliyoni. Pansi pake pali ngongole zimene ayenera kubweza chaka chisanathe, monga kwa amene amawapatsa feteleza pangongole, ovadilafuti, yomwe ndi ngongole ya ku banki yotapa kuposa zimene zili mu akaunti, ndi msonkho wa ku MRA, zonse K100 miliyoni. Mukagawa 120 ndi 100 mupeza 1.2. Ife timaitcha karenti reshiyo. Tanthauzo lake, pa K1 iliyonse imene angongole abwere kudzaitanitsa posachedwa, kampani ili ndi K1.20 yoti ibwezere. Pamsonkhano adzakuwerengerani imeneyi monyadira, poti yadutsa 1.

Koma tatsegulani K120 miliyoniyo muone zili m'kati. K80 miliyoni ndi sitoko ya m'nyumba yosungiramo katundu. K34 miliyoni ndi ngongole zimene anthu sanabweze. Ndalama yeniyeni, ya ku banki ndi ya m'kabati, ndi K6 miliyoni yokha. Chotsani sitokoyo, zitsala 40, mugawe ndi 100, mupeza 0.4. Imeneyi ndiye kwiki reshiyo, ndipo ikunena kuti angongole atabwera mwezi uno, pa K1 iliyonse pali 40 tambala, ndiponso zikatero ndiye kuti aliyense amene anatenga katundu pangongole wabweza.

Wina anena kuti sitoko ndi ndalama yomwe. Inde, koma taonani tsiku limene atsekera mabuku. Kumapeto kwa Malichi, malume, ndani akugula feteleza wa chimanga? Akanatseka mu Novembala, sitoko yambiri ikanakhala nkhani yabwino, poti mvula ikangogwa imatha m'masabata ochepa. Koma feteleza wotsala mu Malichi adikira mpaka Okutobala, kupatula wochepa amene atenge alimi a kachewere ndi kabichi m'madimba a ku Bembeke ndi ku Tsangano. Feteleza bola, akasungidwa pouma amadikira. Mbewu ya chimanga ikagonera chaka kameredwe kake kamatsika, ena amaikana, koma m'buku imakhala ikadali pa mtengo wonse. Ndiye afunseni kuti pa K80 miliyoniyo, mbewu yogonera ndi ya ndalama zingati. Chimodzimodzi K34 miliyoni ija. Ngati ndi makalabu a alimi amene abweze akakolola mu Meyi ndi Juni, palibe vuto. Koma ngati muli ngongole za zaka ziwiri, za achibale a madayirekitala, zimenezo ndi manambala chabe. Apempheni ndandanda wa angongolewo wosonyeza kuti aliyense wakhala miyezi ingati.

Za ngongole zonse ndidutsapo msanga. Kuphatikiza K100 miliyoni ija ndi K80 miliyoni ya nthawi yaitali imene anagulira lole ndi kumangira nyumba ya katundu, zikwana 180. Mpamba wanu ndi 90. Ndiye pa K1 yanu pali K2 yobwereka. Pa bizinesi ya nyengo ngati iyi kukongola sikulakwa, funso ndi lakuti ngongoleyo ikudya zingati. Bwererani pa tsamba loyamba. Asanalipire banki ndi msonkho, phindu linali K66 miliyoni. Chiwongoladzanja chatenga K40 miliyoni. Zotsala 26, msonkho wa kampani wa 30 pa 100 watengapo pafupifupi 8, ndi pamene patsala 18 yathu ija. Mukuona? Banki yadya kuposa kawiri zimene mwadya eni ake nonse. Mukagawa 66 ndi 40 mupeza 1.65, ndipo ineyo ikakhala pansi pa 2 sindigona tulo. Kungoti mitengo yawo itsike ndi K5 pa K100 iliyonse, kaya chifukwa wina watsegula shopu pafupi, K26 miliyoni ija yatha yonse, koma banki idzafunabe 40 yake.

Ndiye ine mmene ndikuonera, sakukuitanani chifukwa zinthu zikuyenda bwino, akufuna ndalama zotsekera K100 miliyoni ija asanayambe kuitanitsa katundu wa dzinja likubwerali. Zimenezo si zoipa pazokha. Ndalama zatsopano zikapita kukazimitsa ovadilafuti, chiwongoladzanja chitsika ndipo phindu lanu likwera ndithu. Koma zikakagula lole yachiwiri, mavuto ndi omwewa. Komanso dziwani kuti ndaona zaka ziwiri zokha, ndipo pa mapepalawa sindikuonapo siginecha ya odita, katswiri wapadera wotsimikizira mabuku a ndalama. Manambala onsewa ndawakhulupirira mmene alembedwera.

Zapenshoni zisungeni kaye. Loweruka pamsonkhanopo afunseni kuti ndalama zatsopanozo zikagwira ntchito yanji, ndipo yankho lilembedwe m'maminitsi. Mukapeza ndandanda wa angongole ndi wa sitoko, mundijambulire, koma ulendo uno Chisomo ndiye agwire foni. Mupereke moni kwa azakhali.