Mizere yafanana, ndalama zafanana, koma musathamangire kuchotsa kweri yakale

"Akulu, ndalembanso kweri yathu ya lipoti la malipiro chifukwa yakale inkatenga mphindi 40. Yatsopano ikutha m'masekondi. Mizere ndi yofanana, ndalama zonse ndi zofanana. Kodi zimenezi zakwanira kuti ndichotse yakaleyo?"

Achimwene, ayi, sizinakwanire. Kalata yanu yandikumbutsa nkhani imene imandiwawabe.

Ndinkagwira ntchito ku bungwe lina lobwereketsa ndalama, ndipo ndinalembanso lipoti la ndalama zobwezedwa pa nthambi iliyonse. Kweri yakale inkatenga malipiro aliwonse n'kukafufuza m'tebulo la mbiri kuti tsiku limenelo kasitomala anali wa nthambi iti. Inkachedwa kwambiri. Ine ndinaona kuti tebulo la makasitomala lili kale ndi kolamu ya nthambi, ndiye ndinangolumikiza ndi `JOIN` imodzi. Nditawerenga, mizere inali 12,406 uku, 12,406 uko. Ndalama zinafanana mpaka tambala. Ndinapita kunyumba mtima uli m'malo.

Patatha milungu iwiri, mayi wina woyang'anira nthambi anabwera ndi kaundula wake wachikuto chabuluu, masamba atapindika m'makona. Anali atadzudzulidwa pamaso pa anzake kuti nthambi yake yatolera zochepa. Anaika chala pa dzina limodzi nati, "Bambo, munthu uyu analipira kwa ine, ndinamulembera lisiti ndi dzanja langa." Ankanena zoona. Makasitomala 37 anali atasamutsidwira ku nthambi zina, ndipo kolamu imene ndinagwiritsa ntchito inkasunga nthambi ya lero, osati ya tsiku lolipira. Palibe mzere umene unasowa, palibe kwacha imene inatayika. Ndalama zinangochoka m'thumba lina n'kulowa m'thumba lina, ndipo `sum()` saona zimenezo.

Kuchokera tsiku limenelo sindivomera kuti munthu anene "zafanana" atangoonetsa manambala awiri. Ndimakana ndithu. Mzere umodzi ukasowa, wina n'kubwera kawiri, `count(*)` amangokhala chete. Ndipo `sum()` amadumpha `NULL`, choncho pamene yakale inkatulutsa `NULL` yatsopano n'kumatulutsa 0, chiwonkhetso sichisintha. Manambala awiriwa amagwira zolakwika zazikulu zokha, monga `LEFT JOIN` imene yasanduka `INNER JOIN` chifukwa mwaika sefa ya tebulo lakumanja mu `WHERE`.

Ngakhale chekisamu, chizindikiro chachifupi chowerengedwa kuchokera m'zonse zimene zili m'mizere, si yonse yodalirika. Ena amaphatikiza mizere ndi `BIT_XOR` mu MySQL. Vuto lake n'lakuti mizere iwiri yofanana imafafanizana, moti mzere umene wabwera katatu umaoneka ngati wabwera kamodzi. Komatu kubwereza mizere ndiye matenda enieni a `JOIN` yolakwika! Ngati mwasankha njira imeneyo, musaisiyanitse ndi `count(*)`.

Zimene ndimachita tsopano

Simunanene detabesi yanu, ndiye ndilemba za PostgreSQL. Makweri onse awiri ayende pa deta imodzimodzi, apo ayi malipiro olowa pakati adzakusokonezani. Tsegulani ndi `BEGIN ISOLATION LEVEL REPEATABLE READ`, musunge zotsatira m'matebulo awiri, `yakale` ndi `yatsopano`, kenako pa lililonse:

```sql
SELECT count(*), sum(ndalama),
       md5(string_agg(t::text, E'\n' ORDER BY t::text))
FROM yakale t;
```

Apa mzere uliwonse ukusanduka mawu, mizere ikusanjidwa, ndipo `md5` akutulutsa zilembo 32. Kolamu imodzi ikasintha pa mzere umodzi, zilembozo zisintha. `ORDER BY` musamuchotse, chifukwa kweri yatsopano ingatulutse mizere yomweyo mu dongosolo lina. Ngati mizere ndi mamiliyoni ambiri, gawani ndi `GROUP BY` pa mwezi, pakuti `string_agg` sangapitirire 1 GB, komanso mudzadziwa mwezi umene muli vuto.

Zilembo zikasiyana, chekisamu sikuuzani mzere wolakwika. Uyu ndiye amauonetsa:

```sql
SELECT * FROM yakale
EXCEPT ALL
SELECT * FROM yatsopano;
```

Muyendetsenso mutatembenuza matebulo, ndipo mbali zonse ziwiri zisatulutse kanthu. `ALL` ndi wofunika, chifukwa `EXCEPT` yekha amabisa mizere yobwereza. Mukapeza kuti `md5` wasiyana koma apa palibe chatuluka, yang'anani kalembedwe: 100.0 ndi 100.00 ndi nambala imodzi, koma ngati mawu ndi zosiyana.

Chimodzi chotsala: musayese pa mwezi umodzi wabata. Kweri yanga ija ikanapambana mayeso onsewa pa mwezi umene palibe anasamuka. Sankhani mwezi wokhala ndi osamuka, malipiro obwezedwa ndi makolamu opanda kanthu, ndipo yakaleyo muisunge iziyenda pambali mpaka mutatseka mwezi umodzi wathunthu.