Mawu a pachikuto cha vidiyo: ochepa, akuluakulu, pakati

"Ndimaika mavidiyo a ulimi wa mbuzi pa TikTok kuno ku Ngabu. Anthu amafika patsamba langa koma sadina mavidiyo akale. Pachikuto ndizilemba chiyani?"

Achimwene, ndalowa patsamba lanu, ndipo choyamba chomwe ndaona n'chakuti mawu anu akudulidwa. Vidiyo yoimirira imakhala mapikiselo 1080 m'lifupi ndi 1920 m'litali, koma pamene mavidiyo andandalikidwa atatuatatu pamaoneka pafupifupi 1080 ndi 1440 basi. Ndiye kuti 240 kumwamba ndi 240 kumunsi zimatayika, ndipo inu mumalemba kumwamba komweko. Kumunsi chakumanzere nakonso kumakhala nambala ya anthu omwe aonera. Mawu atsitseni, akhale pakati kapena pamwamba pang'ono pa pakati.

Kumbukiraninso kuti pa foni ya itel kapena Tecno kachithunzi kamodzi sikafika n'kukula kwa bokosi la machesi, ndipo munthu akukaona ali panja, dzuwa lathu lino likuwalira pagalasi. Mawu atatu mpaka asanu akwana, m'mizere iwiri, zilembo zonenepa zoyera pa kamzere kakuda. Zilembo zopyapyala zopiringizika zija zisiyeni, zimasowa m'dothi la m'khola.

Koma chomwe chandidandaulitsa kwambiri ndi ichi. Mavidiyo anu onse alembedwa "Ulimi wa mbuzi gawo 5", "gawo 6", "gawo 7". Wafika patsambayo akudziwa kale kuti ndinu wa mbuzi. Akufuna adziwe kuti vuto lake lili m'kabokosi kati.

Titenge gawo 7 lija, lomwe mukufotokoza za mbuzi yotupa mimba itadya gaga wambiri. Ndi vidiyo yothandiza zedi, koma pachikuto pali nkhope yanu yosaoneka bwino chifukwa TikTok inangotola chithunzi choyambirira. Musanatumize vidiyo ngati imeneyi, dinani Edit cover, muyendetse chala mpaka pamene mbuzi ikuonetsa mbali ya kumanzere, poti ndi komwe kutupa kumaonekera bwino. Mzere woyamba lembani "YATUPA MIMBA?", wachiwiri "Yambani ndi ichi". Mlimi wa ku Bangula amene mbuzi yake ikubuula usiku sangapitirire pamenepo. Chithandizo chenichenicho musachilembe pachikuto, akachipeze mkati. Koma chibwere msanga, chifukwa mukayamba ndi moni wa masekondi 20 adzatuluka, ndipo zikuto zanu zina sadzazikhulupiriranso.

Poyesa, ine ndimajambula sikirini ya chikutocho n'kutsegula malo osungira zithunzi m'foni, pomwe zimaoneka zing'onozing'ono. Ndimatuluka panja masana, kutambasula mkono, kenako kupatsira mlongo wanga foniyo. Akatsinzinira kapena kuisendeza kumaso, ndimachotsa liwu limodzi, otsalawo ndikukulitsa.