Madzi amene ndinamumwetsa mlongo wanga m'phiri la Mulanje

"Achimwene, ndikukonzekera mpikisano wothamanga m'phiri la Mulanje wa Porters Race ndipo ndi koyamba. Sindithamanga kwambiri. Anzanga akuti ndimwe chigubu cha malita 5 kuyambira usiku, kenako ndizimwa pa mtsinje uliwonse ngakhale ndisakumva ludzu. Koma ndikayesa mimba imangoti khuchukhuchu ndipo mutu umandipweteka. Kodi ndiwonjezere madziwo?"

Ayi achemwali, musawonjezere. Kalata yanuyi ndinaiwerenga usiku ndipo tulo tinandithawa, chifukwa mawu amene anzanuwo akukuuzani ndi omwewo ndinkamuuza mlongo wanga wamng'ono tsiku limene ndinatsala pang'ono kumutaya.

Unali mwezi wa Julaye. Tinanyamuka pa Likhubula, m'munsi mwa phirilo, kusanache, kulinga kumtunda ku Chambe, kuti tikabwerere tsiku lomwelo. Iye ndi munthu wa thupi lochepa, sikelo imamupatsa makilogalamu 54, ndipo phiri anali asanalikwerepo. Ine ndinali nditakwerapo kangapo, ndiye ndinkadziona ngati womuyang'anira. Mayi anali atandiuza kuti mwanayu ukabwere naye wamoyo. Chimene ndinkaopa ndi chimodzi chokha, kuti angathe madzi m'thupi. Ndinamugulira mabotolo awiri a lita imodzi ndi theka, ndipo amene anakwerapo phiri ili akudziwa kuti madzi sasowa, timitsinje tili paliponse, madzi ake ozizira okoma. Botolo likangotha ndinkalitunganso. Iye akati "achimwene, ludzu ndilibe," ine ndinkati "iwe imwa, ukamva ludzu ndiye kuti wachedwa kale." Mawu amenewa ndinawatola kwinakwake ndipo ndinkawakhulupirira ndi mtima wonse.

Tsikulo kunali chiperoni. Nkhungu inatiphimba tisanafike pamwamba, kamvula kakuwaza, kamphepo kakuwomba, moti thukuta linali lochepa. Tinkayenda pang'onopang'ono chifukwa bondo linayamba kumuvuta, ndipo ndinamupatsa mapiritsi awiri a bulufeni. Chakudya chathu chinali nthochi ndi mabisiketi otsekemera basi. Ndikawerenga mabotolo amene ndinatunga, anamwa malita oposa 6 pa maola 7, ndipo kukodza anapatuka kamodzi kokha.

Potsika anandionetsa dzanja. Kamphete kamene kamavuka mosavuta masiku onse kanali katalowa m'mnofu, zala zitafufuma ngati za munthu wolumidwa ndi njuchi. Anati mutu ukumuwawa, kenako anasanza, ndipo zimene zinatuluka zinali madzi okhaokha oyera. Ine ndinaona ngati wataya madzi ambiri posanzapo, ndiye ndinatsegula botolo n'kumupatsanso. Izi zimandipwetekabe mpaka lero. Patapita kanthawi anayamba kundifunsa funso limodzimodzi, kuti kodi tili kuti, ndikamuyankha n'kufunsanso. Kenako ananditchula dzina la malume athu.

Anatipulumutsa ndi bambo wina wachikulire wonyamula katundu wa alendo, amene ankatsika ndi anzake awiri. Anamuyang'ana zala, n'kumugwira pamphumi, n'kundifunsa kuti wamwa madzi ochuluka bwanji. Nditawauza anandilanda botolo m'manja. "Mwana wanga, uyu madzi amukwana kale. Tiyeni naye kuchipatala." Anamunyamula mosinthana mpaka pamsewu. Kuchipatala anamuyeza magazi n'kutiuza kuti mchere wa m'magazi, umene amautcha sodiyamu, watsika kufika pa 124. Anagona masiku awiri ndipo anachira.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuifufuza nkhaniyi, ndipo masamu ake si ovuta. Munthu wabwinobwino amakhala ndi sodiyamu pakati pa 135 ndi 145 mmol/L m'magazi, umene ndi muyeso wa mchere mu lita imodzi. Ikatsika kupyola 135, madokotala amati haiponatiremiya. Kwa mkazi, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, ndiye mlongo wanga wa makilogalamu 54 ali ndi malita ngati 27 m'thupi. Tinene kuti ananyamuka ndi sodiyamu ya 140. Pa malita 6 amene anamwa, tiyerekeze kuti 3 anatuluka m'thukuta, m'mpweya ndi mumkodzo, ndipo 3 anatsala. Mchere womwe unali m'malita 27 tsopano wasungunuka m'malita 30. Mukachulukitsa 140 ndi 27 n'kugawa ndi 30 mupeza 126. Chotsanipo kamchere kamene kanapita ndi thukuta, mwafika pa 124 paja. Zili ngati ndiwo zimene munathira mchere wokwanira bwino, wina n'kubwera kudzathiramo makapu atatu a madzi.

Choopsa chake chili kumutu. Magazi akasukuluka chonchi, madzi amachoka m'magazi n'kulowa m'maselo a thupi, maselowo n'kutupa. Chala chikatupa chili ndi malo ofufumira, koma ubongo uli m'chigaza cha fupa, ulibe kothawira. Ndiye chiyambi cha mutu uja, nseru, kusanza, kusokonezeka, ndipo zikapitirira munthu amagwa n'kumaphupha ngati wakhunyu, amakomoka, ena amamwalira. Madzi amathanso kudzaza m'mapapo munthu n'kumabanika.

Mufunsa kuti nanga impso sizitaya madzi otsalawo? Munthu atakhala pansi osagwira ntchito, impso zimatha kutulutsa madzi pafupifupi lita imodzi pa ola. Koma thupi likakhala pa ntchito yowawa kwa maola ambiri, makamaka pakakhala ululu kapena nseru, ubongo umatulutsa homoni yotchedwa ADH imene imauza impso kuti zisunge madzi. Ndi chifukwa chake mlongo wanga ankamwa koma osakodza. Ine kusakodzako ndinkakuona ngati umboni woti madzi akuchepa, pamene zoona zake zinali zoti akudzazana m'kati. Mankhwala a ululu a gulu la bulufeni ndi dikulofenaki amavutitsanso impso pa nthawi ngati imeneyi, ndiye mapiritsi aja sanamuthandize.

Vutoli si lachilendo kuno kummwera kwa Africa. Dokotala wa ku Cape Town, Tim Noakes, ndi anzake analemba za ilo mu 1985, ataona othamanga mipikisano yaitali ya ku South Africa, monga wa Comrades wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, akudwala chifukwa chomwa madzi mopyola muyeso. Pa mpikisano wa Boston Marathon wa mu 2002, ofufuza anayeza magazi a othamanga atamaliza ndipo anapeza kuti 13 pa 100 alionse sodiyamu yawo inali yotsika. Amene ankapezeka nalo kwambiri ndi omwe anatenga maola oposa 4 ndiponso omwe anamaliza akulemera kuposa mmene anayambira. Taganizani, munthu wathamanga makilomita 42 koma sikelo yakwera. Kulemera kumeneko ndi madzi.

Apa ndi pamene ndimakwiya ndi malangizo a anzanuwo. Anyamata onyamula katundu amene amapambana mpikisano wa m'phirimu amathamanga ngati agwape, nthawi yoima pa mtsinje uliwonse alibe, ndipo amabwerera pa Likhubula thupi lisanadzaze madzi. Amene ali pangozi ndi inuyo, wobwera pambuyo, woyenda pang'onopang'ono tsiku lonse, wokhala ndi mpata womwa paliponse, m'nyengo yozizira imene thukuta silituluka lambiri. Malangizo oti "imwa usanamve ludzu" amavulaza munthu wosamala, womvera, amene akuyesetsa kuchita zoyenera. Ndimakana kotheratu kuti ludzu ndi chizindikiro chochedwa. Kwa munthu wathanzi ludzu ndi muyeso wabwino, ndipo akatswiri ambiri a vutoli masiku ano amanena zomwezo, kuti imwani mukamva ludzu.

Ndisanamizire kuti madzi ndi mdani. Azakhali anga athyola tiyi ku Thyolo zaka zambiri, ndipo mu Januwale, dzuwa likaswa mtengo mvula itangokata, dengu lili kumsana kuyambira m'mawa, thukuta limachita kuyenderera mpaka malaya kuuma ndi mizere yoyera ya mchere. Munthu wotere akufunika madzi ambiri ndithu, ndipo kapitawo amene angamuletse kumwa akumulakwira kwambiri. Komatu nayenso angagwe m'vuto lomweli ngati akungopapira madzi okhaokha maola 8 m'mimba mulibe kanthu, chifukwa thukuta likuchotsa mchere pamene iye akubwezera madzi opanda mchere. Azakhaliwo sapita kumunda opanda kamtedza kokazinga kothira mchere kapena mkute ndi kausipa. Sanaphunzire za sodiyamu, koma akuchita zolondola. N'chimodzimodzi owumba njerwa ndi okweza matumba pamsika.

Ena amati ndiye tizimwa zakumwa za m'mabotolo za ochita masewera, kapena Thanzi ORS. Zimathandizako, koma musadalire kuti zikutetezani mukamwa mopyola. ORS yosungunula bwino mu lita imodzi imakhala ndi sodiyamu 75 mmol/L, pafupifupi theka la ya m'magazi, ndipo zakumwa za masewerazo zili ndi yochepa kwambiri kuposa pamenepo. Mukamwa zambiri kuposa zimene thupi likutaya, magazi asukulukabe.

Kusiyanitsa wa ludzu ndi wokhuta madzi

Ili ndiye phunziro limene ndinalephera m'phiri muja, chifukwa onse awiri amadandaula mutu, amafooka, ndipo onse angathe kusakodza. Wotha madzi amamva ludzu lenileni, m'kamwa mumauma, akaimirira amachita chizungulire koma mukamugoneka n'kukweza miyendo amayamba kupeza bwino. Wokhuta madzi ludzu alibe, mimba ili tuu, zala ndi nkhope zafufuma, wotchi kapena mphete yathina, amasanza madzi, ndipo m'malo mochira akapuma amaipiraipira, nthawi zina patapita ola kapena awiri atamaliza. Funso loyamba likhale la bambo aja: wamwa ochuluka bwanji? Ngati thupi latentha ngati moto ndipo munthu wasokonezeka pa tsiku lotentha, kumeneko kungakhale kupsa ndi dzuwa, muthireni madzi ozizira pathupi ponse mukuthamangira kuchipatala.

Mukaganiza kuti madzi amuchulukira ndipo akadali ndi nzeru zake, mulekeni kumwa, adye kanthu ka mchere, ndipo musamusiye yekha mpaka ayambe kukodza bwino. Akayamba kusanza mobwereza, kulankhula zosamveka, kuwodzera kapena kuphupha, musamupatse chilichonse pakamwa, mugonekeni cham'mbali ndipo pitani naye kuchipatala msanga. Mukafika nenani momveka kuti wamwa malita angati pa maola angati ndi mankhwala amene wamwa, n'kupempha kuti ayeze sodiyamu, chifukwa diripi wamba angathe kuwonjezera vutolo. Mankhwala ake enieni ndi madzi a mchere wambiri, a 3 peresenti, olowetsa m'mitsempha pang'ono pokha, ndipo imeneyo ndi ntchito ya achipatala.

Tsono achemwali, chigubu chija chisiyeni. Usiku ndi m'mawa idyani bwino chakudya cha mchere wake, imwani monga mwa masiku onse. M'njira nyamulani botolo limodzi ndi kamtedza, muzimwa mukamva ludzu, ndipo mimba ikayamba khuchukhuchu lekani kaye. Bulufeni musamwe tsikulo. Sabata ino pitani pa sikelo musanayambe kuthamanga ndi pomaliza: kutsika pang'ono, ngati kilogalamu imodzi, n'kwabwinobwino, koma ikakwera ndiye kuti mwamwa mopyola. Mutu ukapitiriza kupweteka ngakhale mwachepetsa madzi, kaonaneni ndi dokotala musanakwere phirilo.