Kope la geni ndi nsapato zomwe zinatsala pang'ono kundigwetsa

"Amayi, ine ndimagulitsa pamsika ndipo ndangoyamba kumene kukaoda katundu kunja. Kodi m'kope ndizilemba chiyani kuti a msonkho akabwera asandiwerengere zongoganizira?"

Achemwali, mwachita bwino kufunsa asanakufikeni. Ine ndinaphunzira atandikhazika kale pampando wa mu ofesi yawo, kope langa lili m'manja mwa mnyamata woti ndikanatha kumubereka.

Zinali nsapato, mapeyala 200. Nditasintha mtengo wake kukhala ndalama za kwathu, ndinali nditalipira 1,000,000, kutanthauza 5,000 peyala imodzi. Thiransipoti, onyamula ndi pogona zinadya 150,000. Pachipata panali ejenti wina wokoma pakamwa amene anati, "Mayi, mukalemba mtengo weniweni mulira. Tilembe 400,000." Ndinavomera. Msonkho wa pachipata unatuluka 100,000, pomwe ndikanalemba zoona ukanakhala 250,000. Ndinakwera basi ndikumwetulira, ndikudziona ngati wochenjera kuposa amayi onse amene anali mmenemo.

Nditamasula makatoni ndinapeza mapeyala 20 ali osagulitsika. Ena anali a phazi lakumanzere okhaokha, ena anamatuka chifukwa cha kutentha. Ndinawaponya pakona osalemba paliponse, poti ndinkaganiza kuti m'kope mumalowa ndalama zokha. Otsalawo, 180, anayenda pa 8,000 peyala, zonse pamodzi 1,440,000. Mukachotsa zoodera, za ulendo ndi za pachipata, phindu langa lenileni linali 190,000. Miyezi itatu yokhala padzuwa, phindu lake limenelo.

Ndiye tamvani masamu a mnyamata uja. Iye anatenga pepala la pachipata lomwe linkati ndinalowetsa mapeyala 200, n'kuona m'kope kuti ndinkagulitsa pa 8,000, n'kulemba 1,600,000. Ndinamuuza za mapeyala owonongeka aja, iye n'kufunsa kuti zalembedwa pati. Pa zoodera anachotsa 400,000, chifukwa ndi zomwe ndinasainira ndi dzanja langa. Za pachipata anachotsa, poti lisiti yake inalipo. Za thiransipoti anakana, chifukwa kondakitala ndinangomupatsa m'manja usiku, popanda kapepala kalikonse. Phindu langa, malinga ndi cholembera chake, linali 1,100,000.

Tinene kuti msonkho ndi 20 pa 100 iliyonse, kuti masamu aphweke. Pa phindu lenileni ndikanapereka 38,000. Pa phindu la mnyamatayo zinafika 220,000, kuposa zonse zomwe ndinapindula paulendo wonsewo. Ndipo pakamwa panali potsekeka. Ndikanati ndinaoda pa 1,000,000, akanandifunsa chifukwa chake pachipata ndinanena 400,000, ndipo pamenepo mlandu ukanasanduka wina, wokhala ndi chindapusa chake. Mnyamatayo ankadziwa zimenezi. Ankangogogoda cholembera patebulo, kudikira kuti ndidzikole ndekha. Mpaka lero ndikakumbukira kagogodedwe kameneko mtima umawira. Anthu amenewa sanagonepo pansi pa basi kudikira kuti chipata chitsegulidwe, koma mtengo wa thukuta lako amaudziwa ndi iwo. Ndinagulitsa firiji kuti mpamba usathe. Ejenti uja? Akadali pomwepo, akunyengerera ena.

Choncho chinthu choyamba, mtengo womwe uli pa lisiti ya komwe mwaoda, wa pa pepala la pachipata ndi wa m'kope ukhale umodzi. Zomwe mwazembetsa pachipata zimakadikira kutsogolo, chifukwa mukachepetsa mtengo woodera mwakulitsa nokha phindu lomwe adzakudulireni msonkho.

Tsopano kope. Langa ndi lachikuto cholimba, ndipo ulendo uliwonse uli ndi tsamba lakelake. Pamwamba ndimalemba tsiku, katundu ndi kuchuluka kwake, ndalama zomwe ndalipira m'ndalama za dziko lomwe ndaodako, kenako mtengo womwe ndasinthira tsiku limenelo. Apa ambiri amagona. Amadzasintha pamutu patapita miyezi, pa mtengo wa tsiku lomwe akumbukira, ndalama itagwa kale kapena itakwera, ndiye masamu onse amapotoka. Kapepala ka kosinthitsa ndalama ndimakamata pa tsamba lomwelo. M'munsi mwake mumabwera zonse zomwe katunduyo wadya kuti afike pabenchi. Ndikaphatikiza n'kugawa ndi kuchuluka kwa katundu, ndimadziwa mtengo weniweni wa chinthu chimodzi. Nsapato zija sizinali za 5,000, zinali za 6,250 zitafika, ndipo pochotsa zowonongekazo, iliyonse yogulitsika inandidyera pafupifupi 6,950. Ndikanawerenga zimenezi tsiku loyamba sindikanamatsitsira makasitomala mwachisawawa.

Kondakitala kapena wonyamula akakana kupereka lisiti, ndimalemba ndekha tsiku, ndalama ndi nambala ya galimoto, iye n'kusaina. Ena amanyinyirika. Anyinyirike. Si umboni wamphamvu ngati lisiti yeniyeni, koma umaposa kukalumbira pakamwa. Malisiti a m'makina aja, a pepala loterera, musawakhulupirire. Inki yake imafufutika ikakhala potentha, ndipo ine ndinatsegulapo envulopu n'kupeza timapepala toyera mbee. Ajambuleni pafoni kapena pangani fotokope sabata yomweyo.

Zogulitsa zimalembedwa tsiku lomwelo, musanatseke benchi, osati Lamlungu mukukumbukira. Malo ena amalonda ang'onoang'ono amawadula msonkho pa zonse zomwe agulitsa, osati pa phindu, ndiye nambala imeneyi payokha ikhale yoyera. Wotenga pangongole ndimamulemba ngati wagula tsiku lomwe watenga katundu, dzina lake n'kupita kumapeto kwa kope. Akadzabweza ndimangodula ngongoleyo. Mukailembanso ngati malonda atsopano, mwagulitsa kawiri chinthu chimodzi, ndipo msonkho mudzaperekanso kawiri. Chowonongeka, chobedwa, ngakhale chomwe mwatengera mwana kunyumba, chilembeni ndi tsiku lake, chowonongekacho muchijambulenso. Pakutha pa mwezi werengani katundu wotsala. Zomwe munali nazo, kuphatikiza zomwe mwaoda, kuchotsa zogulitsidwa, zowonongeka, zobedwa ndi zotengera kunyumba, zifanane ndi zomwe zili pabenchi. Zikasiyana, mwina mwaiwala kulemba, mwina wokuthandizani ali ndi dzanja lalitali. Wanga ndinamugwira choncho, mwezi wachiwiri wokha.

China chomwe sindikanafuna kukuuzani, poti ine ndinachigula modula. Mukayamba kuyenda, anzanu a pamsika adzayamba kukutumani, ndipo ndalama zawo azidzakutumizirani pafoni kapena ku akaunti yanu. Wa msonkho akaona ndalama ikulowa amati ndi malonda, pokhapokha mutamuonetsa kuti si yanu. Ine ndili ndi tsamba la otuma okha, lokhala ndi dzina, ndalama yomwe wapereka, chomwe ndamugulira, ndi siginecha yake polandira katundu. Changa pamenepo ndi kangachepe komwe amandipatsa ka ulendo, ndipo ndi kokhako komwe kamalowa ku zolowa za geni.

A msonkho anabweranso patatha zaka zingapo, wina wake, wa tayi yofiira. Ndinamuikira makope anayi patebulo, malisiti atamatidwa tsamba ndi tsamba. Anafunsa za ndalama ina yaikulu yomwe inalowa pafoni, ndinamutsegulira tsamba la otuma, siginecha ili pomwepo. Anafunsa za makatoni awiri omwe sanaoneke pa zogulitsa, ndinamuonetsa chithunzi chake atanyowa ndi mvula, tsiku lake likugwirizana ndi la m'kope. Anatseka kope lomaliza n'kunditchulira msonkho wanga. Unasiyana ndi womwe ndinawerengera ndekha kunyumba ndi ndalama yosakwana n'kugula komwe peyala imodzi ya nsapato.